Kalata kwa Tiyamike: za dzina la pa botolo

Chilenje, Lusaka

Wokondedwa Tiyamike,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi ana kumeneko ku Cape Town. Kuno tilipo, mayi ako ndinawaona kutchalitchi ali a mphamvu. Unandifunsa kuti dzina la chiponde changa ndinalipeza bwanji, poti nawenso ukufuna kuyamba kugulitsa ufa wa phala kwa anthu akwathu ndi eni dziko omwe. Ndikufotokozera bwinobwino chifukwa ine linandidyera ndalama, sindifuna kuti nawe upunthwe pamwala womwewo.

Dzina langa loyamba linali Mphamvu Fresh. Ndinkalikonda kwambiri. Ndinamuuza wosindikiza pafoni, n'kulipira malebulo 2,000. Tsiku lokatenga ndinapeza palembedwa Mphamvu Flesh. Mnyamatayo analemba chimene anamva, poti ife l ndi r mkamwa mwathu ndi amodzi, pomwe m'Chingerezi chilembo chimodzicho chinasandutsa chiponde chatsopano kukhala mnofu. Ndinalira, mnzanga. Titakonza, panabuka vuto lina. Mayi wina wa shopu ku Kabulonga ankati "Mfamvu", chifukwa kwa iwo ph ndi f. Makasitomala ake ankachita manyazi kulitchula, ankangoloza ndi chala, ndipo chinthu chimene munthu sangachitchule sangauzenso mnzake kuti akagule.

Choncho ndinakhala pansi ndi kope, n'kuyamba kufufuta. Mawu onse a ph ndi th anachoka, Thanzi yemwe. Oyamba ndi nkh, mb kapena ndz anachokanso, poti osadziwa chilankhulo chathu amalowetsa i kapena u kutsogolo. Ng'oma ndinalisiya chifukwa kachizindikiro ka pakati pa g ndi o sikaloledwa m'dzina la webusayiti, ndipo ukakachotsa katchulidwe kasintha. N'chimodzimodzi ŵ, anthu ambiri sadziwa pomupeza pafoni.

Samala kwambiri ndi ch. Ukukumbukira kuti kusukulu kuno tinkalemba Cinyanja ndi cikondi, pamene ku Malawi amalemba Chichewa ndi chikondi? Ukatcha ufa wako Chikondi, wa ku Chipata akhoza kuusaka pa Facebook ndi c yekha osaupeza. Ukalemba Cikondi, mzungu awerenga "Sikondi". Makasitomala ako kumeneko ndi a mayiko onse awiri, ndiye ch ingomupewa.

Anatsala atatu: Koma, Zuna ndi Sinja. Koma ndinalitenga ku kukoma, koma mlamu wanga, yemwe ndi namwino, anandiuza kuti m'Chingerezi likumveka ngati wodwala amene wakomoka osatsitsimuka. Pachakudya sizingatheke.

Awiri otsalawo ndinawayesa chonchi. Ndinaimbira foni anthu 10: ogulitsa anzanga atatu a ku Soweto Market, Abemba awiri, Mtonga mmodzi, agogo a pafupi nafe, mwana wa giredi 6 ndi awiri olankhula Chingerezi chokhachokha. Aliyense ndinamutchulira dzina kamodzi kokha, osalitchula chilembo ndi chilembo, n'kumupempha kuti anditumizire pa meseji mmene walimvera. Zuna analemba molondola asanu ndi mmodzi. Atatu analemba Zoona, dzina la kampani yotumizira ndalama ija, wina Nzuna. Sinja analemba bwino asanu ndi anayi, mmodzi yekha ndiye analemba Sinjah. Patapita masiku atatu ndinawaimbiranso n'kufunsa kuti dzina lija linali ndani. Agogo aja anayankha msanga kuti, "Si lija la kusinja nsawa?" Pamenepo mtima unakhala pansi. Kwa ife dzinali likuonetsa mtondo ndi munsi, kwa enawo ndi kamawu kafupi kopanda chopunthwitsa lilime. Taona sopo wa Boom mmene mwana aliyense amamutchulira akatumidwa kukantemba, ndi mmene ndinkafunira.

Abemba ndi Mtonga uja ndinawaikamo dala, kuti andiuze ngati mawuwo ali ndi tanthauzo loipa kwawo. Iwe uchite zomwezo ndi Akhosa komanso olankhula Chiafirikaansi amene umagwira nawo ntchito, ndipo uwafunse paokha kuti asachite manyazi kukuuza ngati ndi chitukwano.

Usasindikize kanthu usanafufuze ngati dzinalo lili ndi mwini. Kuno timapita ku PACRA, ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi, amayamba aona ngati silikufanana ndi lina lolembetsedwa kale, n'chifukwa chake ndi bwino kupita ndi mayina atatu. Kumeneko ndi ku CIPC. Dziwanso kuti kulembetsa dzina la bizinesi ndi kuteteza chizindikiro cha malonda ndi zinthu ziwiri zosiyana, chilichonse ndi fomu yake ndi malipiro ake. Ndipo wosindikiza umutumizire dzinalo lolembedwa, akuonetse lebulo imodzi usanalipire.

Nditumizire mayina ako asanu sabata ino, ndikawayese pa azimayi a kuchilimba Loweruka. Upereke moni kwa alamu.

Ndine mnzako,
Nasilia