Kwa kampani yomwe imandigulitsa intaneti: mwanditayitsa masiku atatu posafunsa funso limodzi

Ndalemba pano poyera chifukwa pa foni ndayankhula nanu katatu koma osathandizika. Ndili ndi kashopu kotayipira anthu makalata ndi kuwatumizira mafomu, ndipo ntchito yonse imadalira laputopu imodzi ndi rauta yanu.

Lachiwiri m'mawa laputopu inakana kulowa pa intaneti. Nditaimba, mayi amene anayankha anati ndizimitse rauta, ndidikire pang'ono, ndiyatsenso. Ndinatero, osasintha kanthu. Lachitatu bambo wina anati mwina bandulo yatha, ndigule ina. Ndinawauza kuti yoyamba ikadalipo, iwo n'kuumirira, ine n'kugula. Lachinayi munati nkhani yapita kwa amisiri, ndidikire maola 48. Masiku onsewo makasitomala ankabwerera pakhomo ndi mapepala awo m'manja, kuphatikizapo mtsikana wina amene fomu yake yofunsira ntchito inkatsekedwa tsiku lomwelo.

Chomwe chikundiwawa n'chakuti ulendo uliwonse ndinkanena kuti foni yanga ikugwira bwinobwino pa rauta yomweyo. Mawu amenewo anali okwanira. Ngati chipangizo china chikulowa pa intaneti kudzera pa rauta imodzimodziyo, ndiye kuti netiweki ilipo, bandulo ilipo, rauta ndi yamoyo. Vuto latsalira mu laputopu basi. Nanga munandigulitsiranji bandulo yachiwiri?

Lachisanu mwana wa mchemwali wanga anadutsa pa shopu. Anangoyang'ana pakona ya m'munsi kumanja kwa sikirini, pafupi ndi wotchi, n'kundilozera kachizindikiro ka ndege pamalo pomwe pamakhala timizere ta wayifayi. Laputopu inali pa Airplane mode. Pa HP yangayi batani la F12 lili ndi kandege komweko, ndipo Lolemba madzulo ndinapukuta fumbi pa kiyibodi ndi kansalu makina ali chiyakire. Anadina batanilo kamodzi, mayina a manetiweki n'kubwerera onse, wathu ndi a oyandikana nawo omwe.

Sindikuti munandidinira batanilo ndinu. Koma antchito anu amalandira madandaulo otere tsiku ndi tsiku, ndipo anayenera kundifunsa kuti, "Mukadina chizindikiro cha netiweki, mukuona mayina a mawayifayi kapena palibiretu?" Zinthu ziwirizi n'zosiyana kwambiri. Laputopu ikalumikizana ndi rauta koma n'kulemba kuti No internet, pamenepo mpomveka kukayikira bandulo kapena netiweki yanu. Koma pakapanda kuoneka dzina ngakhale limodzi, ngakhale la oyandikana nawo, ndiye kuti wayifayi ya mu laputopumo ndi yozima, ndipo rauta mungaizimitse kakhumi sizingathandize.

Kuona zimenezi sikutha ndi mphindi ziwiri zomwe. Pa Windows 10 ndi Windows 11 munthu amadina batani la Windows pamodzi ndi A, n'kuona ngati Airplane mode yayaka. Pa Windows 11 kabokosi ka Wi-Fi kamakhala pomwepo. Kenako ayang'ane mzere wa pamwamba pa kiyibodi, pa batani lomwe lili ndi kandege kapena kamlongoti, poti ena amafuna kudina limodzi ndi Fn. Malaputopu akale, ngati ambiri omwe timagula akaunjikawa, ena amakhala ndi kaswitchi kotsetsereka m'mbali kapena kutsogolo, komwe kamatha kusuntha polowetsa m'chikwama. Zonsezi zikakhala bwino koma mayina osaonekabe, adine Windows ndi R, alembe izi:

```
ncpa.cpl
```

Ngati pa Wi-Fi palembedwa Disabled, adine ndi batani la kumanja la mausi n'kusankha Enable.

Pa foni napo pali msampha womwe antchito anu ayenera kuudziwa. Munthu amatha kuyatsa wayifayi foni ili pa Airplane mode. Akakhala pafupi ndi rauta, WhatsApp imayenda, iye n'kumaganiza kuti zonse zili bwino, pomwe mafoni sakulowa, mauthenga a ndalama sakufika, ndipo akangotuluka panja deta siigwira. Ameneyo musamuuze kuti akasinthitse simu. Muuzeni akoke sikirini kuchokera pamwamba, aone ngati kandege kayaka, akazimitse, adikire timizere ta netiweki tibwerere.

Ndikupempha zinthu ziwiri. Bandulo yachiwiri ija ndinagula chifukwa cha malangizo anu olakwika, choncho mundibwezere ndalama zake kapena muiwonjezere masiku kuti iyambe kugwira yoyamba ikatha. Komanso mafunso ndatchulawa akhale oyambirira kwa aliyense woyankha mafoni kwanuko, asanauze munthu kuti atulutsenso ndalama. Nambala ya dandaulo langa ndi malisiti onse awiri ndatumiza kale ku uthenga wa mseri, ndipo ndikudikira yankho lanu sabata ino.