Kalata kwa mwanangu: za nkhani yako ya mkulu ndi wometa wake

Mwanangu wokondedwa,

Ndaiwerenga nkhani yaifupi imene unanditumizira, ya mkulu uja wobwerera kwa wometa wake patapita zaka 30. Yandikhudza, n'chifukwa chake sindikufuna kungokuyamikira n'kusiyira pomwepo. Pali malo amodzi pamene yafooka, ndipo ndi pamene pagona nkhani yonse: pamene awiriwo akuzindikirana.

Walemba kuti mkuluyo atangolowa, wometa anagwetsa sizasi n'kufuula dzina lake. Apa wathamanga, mwanangu. Munthu amene anachoka ali ndi zaka 40, tsitsi lili bii, n'kubwera ali ndi zaka 70, dazi litafika paliwombo, masaya atalowa, sangadziwike ali pakhomo. Komanso wometa ntchito yake yambiri amaigwira ataima kumbuyo kapena pambali pa munthu. Nkhope amangoionera pagalasi, koma mutu amaugwira ndi manja mwezi ndi mwezi. Ngati angakumbukire munthu, amukumbukira ndi zala.

Ndiye mulole mkuluyo alowe ngati mlendo. Adikire pabenchi, nthawi yake ikwane, akhale pampando, amufunditse nsalu n'kumumanga m'khosi. Wometa afunse monga amafunsira aliyense: “Timete bwanji, bambo?” Mkuluyo ayankhe mwachidule kuti nambala 1 m'mbali. Asadzitchule dzina, ngakhale mtima ukugunda. Wowerenga akudziwa, wometa sakudziwa, ndipo kudikira kumeneko n'kumene kudzamugwire wowerenga.

Nambala 1 imasiya tsitsi lotalika mamilimita atatu okha, choncho khungu limaonekera. Mashini akamakwera kuchokera kunkhongo, wometa amapinda khutu ndi chala kuti adutse kuseri kwake. Pamenepo ndi pamene uike chipsera. Pachipsera sipamera tsitsi, ndipo chimakhala pomwepo mpaka munthu kukalamba, pamene china chilichonse pankhope chasintha. Chikhale chaching'ono, chopindika, chimene mwina anachipanga ndi wometa yemweyo ndi lumo ali mnyamata wophunzira ntchito. Chala chifike pamenepo, chiime. Mashini azime. Wometa ayang'ane pagalasi, maso awo akumane, kenako anene mawu ochepa: “Chipsera ichi ndikuchidziwa.” Basi. Usawaliritse, usawakumbatiritse. Ayatsenso mashini apitirize kumeta, koma tsopano dzanja likuyenda mosiyana ndi poyamba.

Za ndevu wazidumpha, chonsecho m'pamene ukalamba wa onse awiri ungaonekere popanda iwe kuutchula. Khungu la munthu wachikulire ndi lopyapyala komanso lofwifwa, limatsatira lumo. Wometa wodziwa amayamba wanyowetsa ndevu ndi madzi ofunda ndi thovu la sopo, kenako amakoka khungu ndi zala za dzanja linalo kuti makwinya atambasuke, n'kumeta pang'onopang'ono motsata kumene ndevu zagonera. Akameta mobweza, makamaka pakhosi, pamatuluka tiziphuphu chifukwa tsitsi lopotana limabwerera m'khungu. Ndipo mkulu amene amamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, akangotemedwa pang'ono magazi amachedwa kuleka. Tsono taganiza: wometayo nayenso wakalamba, dzanja layamba kunjenjemera, ndevu masiku ano amasiyira mnyamata amene amamuthandiza. Mkulu wako akuona kunjenjemerako pagalasi, komabe akweza chibwano n'kupereka khosi. Wometa azengereze, ayang'ane lumo, ayang'ane mnyamatayo, kenako atsegule lezala latsopano mkuluyo akuona. Ine ndikanakhala iwe, ndime yotalika kuposa zonse ikanakhala imeneyi.

Masamba awiri aja amene mkuluyo akufotokoza chifukwa chimene anachokera, uwachotse. Munthu ali ndi thovu kumaso ndi lumo pakhosi sayankhula zambiri, chibwano chikagwedera amatemedwa. Wometa afunse kamodzi kokha, “Amayi ali bwanji?” Mkuluyo akhale chete, ndipo wometa, amene wamva zambiri pampando umenewo, asafunsenso. Wowerenga amva yekha kuti mayiwo anatisiya, ndi kuti mwina ndiwo ankamumeta kunyumba zaka zonsezi.

Kanthu kena kakang'ono: pometa munthu wachikulire, wometa samaliza asanadule nsidze zotalika ndi tsitsi lotuluka m'makutu, zimene mnyamata wa zaka 40 uja analibe. Ukaikemo. Imvi zogwera pansalu uzitchule kamodzi, osati kanayi monga wachitira.

Usanakonze, pita ukakhale pabenchi ya wometa wachikulire, uyang'ane dzanja lake lamanzere, limene siligwira mashini, uone zimene limachita. Ukalembanso unditumizire, ndikufuna ndidzaiwerenge isanapite kwa wina aliyense.

Ndine bambo ako.