Kwa akuluakulu a kampani ya inshuwalansi imene ikusunga K420,000 yanga

Ndikulemba pano pagulu chifukwa ku ofesi kwanu ku Lilongwe munthu sayankhulika naye. Sabata yapitayi, kapena yinzake ija, ndinakwera minibasi kuchokera ku Area 25 nditanyamula lipoti la apolisi, laisensi, zithunzi ndi makotesheni a magalaja, monga munandiuzira pafoni. Mayi amene ndinawapeza pakauntala sanadzutse n'komwe mutu. Anakankha mapepala anga ndi bolopeni, nati, "Bambo, pitani kwa amene anakugundaniyo. Mukanawerenga kaye musanasayine." Zikomo kwambiri mayi, phunziro ndalandira, laulere, anthu ali pamzere akumvera.

Tsono poti ndauzidwa kuti ndiziwerenga, ndawerenga.

Zaka zonsezi ndinkadula thedi pate, ija lamulo la pamsewu limakakamiza galimoto iliyonse. Ndinkadziwa bwino kuti imeneyo ndi ya anthu ena: ukagunda munthu kapena galimoto ya mwini, kampani imalipira iyeyo, mpaka pa malire olembedwa pa pepala lako. Yakoyo ukakonza wekha, ikabedwa kapena kupsa ulira wekha. Ndiye anabwera ejenti wanu, wokoma pakamwa, kuti achimwene Sienta yabwino chonchi musaisiye pamtetete, dulani kompulehensivu, imalipira za winayo ndi zanu zomwe, kaya wolakwa ndinu kaya ndi iyeyo. Ndinapereka K420,000. Tsiku limenelo panalibe wondiuza kuti ndikawerenge, mpaka mpando munandipatsa.

Minibasi inandimenya kumbuyo pa raundabauti mvula ikugwa. Chitseko chakumbuyo chinalowa mkati, bampala pansi, magetsi onse awiri phwaa. Apolisi analemba kuti wolakwa ndi dalaivala wa minibasi. Mwini wake ali ndi thedi pate basi, ndipo anandionetsa yekha kuti pa pepala lake malire a katundu wa munthu wina ndi K1,000,000. Kukonza galimoto yanga ndi K2,500,000. Ndiye mayi aja akamati ndipite kumeneko, akutanthauza kuti K1,500,000 yotsalayo ndikailondole kukhoti kwa munthu amene nayenso minibasi yake ili pamiyala. Nanga kompulehensivu ndinadulira chiyani? Ntchito yake ndi yoti inu mundikonzere galimoto, kenako mukalimbane nokha ndi kampani ya winayo kuti ikubwezereni. Kuthamanga kumeneko ndi kwanu.

Anzanga amene mukuwerenga, apa ndiye tcherani khutu. Nditakana kuchoka, anatulutsa pepala la asesa wawo. Akuti galimoto yanga lero ndi ya K10,000,000, koma pa inshuwalansi inalembedwa K6,000,000, ndiye poti ndinalipirira gawo la mtengo wake, nawonso alipira gawo lomwelo, magawo 6 pa 10. Pa K2,500,000 ikutsala K1,500,000. Pamenepo achotsenso ekisesi, ndalama ija mwini galimoto amasenza yekha pa ngozi iliyonse, K150,000. Ndilandire K1,350,000.

Ekisesi sindikukana, ili pa pepala ndipo ndinauzidwa. Koma K6,000,000 ija analemba ndani? Ejenti wanu, ndi dzanja lake, galimoto ataizungulira, kuijambula, mpaka kutsegula boneti. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya magalimoto ndi masipeyala inakwera dziko lonse likuona, inu mukuona. Potenga ndalama mtengo unali wokwanira. Pobweza ndiye mwatulukira mwadzidzidzi kuti Sienta ndi yodula. Ndipo ikanaphwanyikiratu, ndikudziwa simukanandipatsa K10,000,000 ya asesa wanuyo, mukanaima pa K6,000,000 n'kutenganso chigobacho. Mtengo waukulu mumaukumbukira pokhapokha pamene ukuchepetsa cheke changa.

Galimotoyi ili pagalaja ku Biwi, yafunditsidwa pepala lapulasitiki kumbuyo kuti mvula isalowe, ndipo makaniko wayamba kundiwerengera ya malo. Ana akupita kusukulu pa kabaza.

Ndikufuna zinthu izi pa kalata yosayinidwa, osati pafoni: ndime ya mgwirizano imene mukudulira ndalama yanga, kope la fomu imene ejenti wanu anadzaza, ndi chifukwa chimene wantchito wanu anandithamangitsira kwa kampani ina pamene ndinadula kompulehensivu kwa inu. Mayi ajanso muwauze kuti amene amabwera pakauntala paja ndi munthu wachita ngozi, sanabwere kudzapempha.

Lachisanu likadutsa muli chete, fayilo yonse ndikaitula ku Reserve Bank of Malawi, amene amayang'anira makampani a inshuwalansi ndi kulandira madandaulo a makasitomala. Malisiti ndili nawo, mauthenga a ejenti wanu sindinafufute. Ndipo dzina lanu, limene ndalibisa lero mwaulemu, ndidzalilemba pompano ndi zilembo zikuluzikulu.