Mng'ono wanga adzitchule bwanji pamaso pa anzake a m'mayiko asanu?

Zikomo Alangizi,

Ndikulemba m'malo mwa mng'ono wanga, yemwe walembedwa ntchito yosunga kaundula wa alimi a mbatata ya kachewere ku Tsangano ndi ku Lizulu. Bungwe lake lilibe ofesi kuno. Ogwira nawo ntchito alipo 14, ena ali ku Tete, ena ku Nairobi, ku Senegali, ku Indiya ndi ku Sikotilandi. Lachiwiri likubwerali ali ndi msonkhano woyamba pa Zoom, ndipo wotsogolera walemba kuti aliyense adzapatsidwa mphindi imodzi yoti anene dzina ndi ntchito yake. Onse adzayankhula Chingerezi, koma aliyense chimatuluka mwakwawo: wa ku Tete chimanunkhira Chipwitikizi, wa ku Senegali Chifalansa, ndipo wa ku Sikotilandi amathamanga osayang'ana m'mbuyo.

Za makina musavutike nazo, chifukwa ntchito yanga ndi yokonza mafoni ndi makompyuta pa boma pa Ntcheu. Adzavala mahedifoni a waya okhala ndi maikolofoni yake. Ya pa laputopu imatola phokoso la chipinda chonse, ndipo m'nyumba ya malata yopanda siling'i mawu amachita kubwerera. Maikolofoniyo idzakhala pambali pa kamwa, kutalika kwa zala ziwiri, osati kutsogolo kwenikweni, poti mpweya wa ph, th ndi kh umawomba ngati mphepo m'makutu mwa womvera. Adzakhala moyang'anizana ndi windo kuti nkhope ioneke. Windo likakhala kumbuyo, kamera imaonetsa chithunzithunzi chakuda basi.

Intaneti idzachokera pa foni, ndipo tili ndi simu yachiwiri ya kampani ina yodikirira. Sadzachitira msonkhanowu ku Tsangano ayi, chifukwa m'malire muja foni imatha kulumphira yokha pa netiweki ya ku Mozambiki, bandulo n'kusiya kugwira. Zoom imafuna 60 mpaka 80 kbps pa mawu okha, pomwe vidiyo ya gulu imafuna pafupifupi 1 Mbps. Choncho ndamuuza kuti akangoona uthenga woti netiweki ikugwedera, azimitse kamera ndi Alt+V mawu apulumuke. Alt+A ndi yotsegula ndi kutseka maikolofoni. Zonsezi taziyesa pa zoom.us/test ndipo zili bwino.

Chandikanika ndi zoyankhulazo. Titamujambula akuyeserera, anatenga mphindi ziwiri ndi theka. Chigawo chachikulu chinathera pa moni, kuthokoza mabwana ndi mbiri ya sukulu, ndipo ntchito yeniyeniyo anainena kumapeto mawu atatsika kale. Ulemu wathu uja wotsitsa mawu n'kuyang'ana pansi, pa kompyuta ukumumeza. L ndi R akuzisinthanitsa monga timachitira ambirife, ndipo akanena fifitini ine ndemwe ndikumva fifite. Dzina lake nalo, tinene kuti ndi Mphatso Phiri ngakhale si lenilenilo, ndikudziwa kuti mlendo akaona ph adzawerenga ngati f.

Iye akuti masiku otsalawa awathere pophunzira kuyankhula ngati mzungu. Ine ndikukayika, koma ndilibe china chomuuza. Kodi achite zimenezo? Akadula moni sadzaoneka wamwano? Nanga wina akamufunsa funso iye osalimva, adzatuluke bwanji osachita manyazi?

Mayi wa pa boma,
Ntcheu

Zikomo mayi,

Zoyeserera kayankhulidwe ka mzungu azisiye. Lilime silisintha pa sabata imodzi, ndipo munthu akamalimbana ndi kamvekedwe ka mawu amaiwala zoti anene, n'kuyamba kuthamanga. Komanso pa anthu 14 amenewo, ambiri Chingerezi si chawo. Wa ku Tete ndi wa ku Senegali amamva msanga munthu wotchula chilembo chilichonse monga timachitira ife kuno, kusiyana ndi womeza mawu. Chofunika n'chakuti msonkhano ukatha, anzakewo atsale ndi zinthu zitatu m'mutu: azimuitana kuti ndani, abwere kwa iye akafuna chiyani, ndipo amapezeka nthawi yanji. Mbiri ya sukulu mabwana anaiwerenga kale pomulemba ntchito.

Tiwerengere nthawi. Munthu akamacheza m'Chingerezi amatulutsa mawu pafupifupi 150 pa mphindi. Pagulu la zinenero zosakanizika atsike kufika pa 100 kapena 110. Pa mphindi imodzi apatsidwayo agwiritse masekondi 45, otsalawo akhale a netiweki ikachedwa. Ndiye kuti zoyankhula zonse zisapitirire mawu 75 kapena 80, m'ziganizo zisanu ndi chimodzi zazifupi. Azilembe pa pepala, chiganizo chilichonse pa mzere wake, n'kumata pepalalo pafupi ndi kamera. Likakhala pa tebulo adzaweramitsa mutu, mawu n'kupita pansi.

Moni asausiye, koma ukhale chiganizo chimodzi: moni nonse, ndikuyankhula kuchokera ku Ntcheu, m'chigawo chapakati cha Malawi. Asanene za m'mawa kapena masana, poti 10:00 ya kuno ndi 8:00 ku Senegali, 11:00 ku Nairobi ndi 13:30 ku Indiya. Moniwu uli ndi ntchito ina yomwe ambiri saidziwa. Munthu akangotsegula maikolofoni, mawu oyambirira kawirikawiri amaduka, ndiponso khutu la womvera limafuna kamphindi kuti lizolowere mawu achilendo. Ndi bwino kuti woduka akhale moni osati dzina. Akadina Alt+A awerenge kawiri mumtima, kenako ayambe. Za mwano musade nkhawa. Pamsonkhano wotere wodya mphindi za anzake ndi amene amaoneka wopanda khalidwe, ndipo kuthokoza kumakwanira ndi zikomo mmodzi kumapeto.

Padzina pokha ndi pamene ayenera kuchedwapo. Alitchule lonse kamodzi, apume, kenako anene lomwe akufuna azimuitana nalo, mogawa: M-pha-tso. Awauze mwachidule kuti ph wakeyo ndi p wampweya, si f. Asalole kupatsidwa dzina lachidule lomwe salifuna chifukwa chochita manyazi, poti dzina likalakwika tsiku loyamba limakhazikika choncho mpaka ntchito kutha. Akangolowa asinthe dzina looneka pa sikirini ndi Rename, lisakhale dzina la foni kapena la shopu yanu.

Ziganizo zotsatira zinene ntchito ndi mawu a tsiku ndi tsiku: ndimasunga kaundula wa alimi a mbatata, ndimayendera makalabu 15, mukafuna chiwerengero cha alimi, mbewu yomwe abzala kapena zokolola, funsani ine. Chiganizo chomalizachi ndicho chamtengo pa zonse, chifukwa udindo wolembedwa pa kalata anthu amauiwala, koma samuiwala munthu amene ali ndi zomwe akuzifuna. Mayina a malo achepe. Ntcheu yakwana. Tsangano ndi Lizulu kwa munthu wa ku Indiya ndi phokoso chabe, ngakhale wa ku Tete angasangalale kumva kuti ndi anansi, choncho atha kungoti pafupi ndi malire a Mozambiki. Miyambi, nthabwala ndi zidule za m'maofesi a kuno monga EPA asazitchule.

Za L ndi R mwaona bwino. M'Chichewa zilembo ziwirizi sizisiyanitsa tanthauzo, n'chifukwa chake khutu lathu silizisamala, pomwe m'Chingerezi zimasintha mawu. Mankhwala ake pa mawu 80 ndi osavuta: amvetsere zomwe mwajambulazo, alembe mzere pansi pa mawu omwe akumupunthwitsa, n'kuwasintha ndi ena ofanana tanthauzo. Otsala omwe sangasinthike, monga dzina la udindo wake, ndi awiri kapena atatu basi, ndipo amenewo angawayeserere. Fifitini ndi fifite zimasokoneza dziko lonse, si ife tokha. Akatchula 15 awonjezere kuti wani faifi. Manambala akuluakulu asawadalire pakamwa n'komwe: a Chipwitikizi ndi Chifalansa amaika chizindikiro cha koma pomwe ife timaika kadontho, ndipo a ku Indiya amawerenga m'malaki, laki imodzi kukhala 100,000.

Chimene khutu lingataye, maso achitole. Akonzeretu mizere itatu, ndipo akangomaliza kuyankhula aiike mu Chat:

```
Mphatso Phiri (say: m-PA-tso PEE-ree)
Farmer records, potato, Ntcheu, Malawi. 15 clubs
Online 14:00-16:30, UTC+2
```

Ngakhale netiweki itaduka ali pakati, mizereyi idzamuyankhulira. Nthawi alembe ndi UTC+2, chizindikiro cha nthawi ya kuno pa wotchi ya dziko lonse lapansi, chifukwa ku Sikotilandi amasintha wotchi: kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala ali m'mbuyo mwathu ndi ola limodzi, miyezi inayo ndi maola awiri. Ife sitisintha. Maolawo ndi chitsanzo chabe, iye aike omwe amakhala atabwerako kumunda.

Mawu otsika kumapeto aja ndi vuto lenileni, chifukwa pulogalamu yochotsa phokoso imatha kudula mawu ofooka poganiza kuti ndi phokoso la m'chipinda. Asakuwe, koma mphamvu yomwe wayamba nayo chiganizo aifikitse pa liwu lomaliza, ngati akuyankhula ndi munthu ali pakhomo iye ali m'nyumba. Pomaliza anene momveka kuti wamaliza, n'kubweza mpata kwa wotsogolera pomutchula dzina. Akangoti zii, anthu amadikira osadziwa ngati watha kapena waduka, kenako awiri amayambira limodzi.

Funso likamudutsa, choipa kwambiri ndi kugwedeza mutu n'kuvomera, chizolowezi chathu chija pamaso pa akuluakulu. Angavomere ntchito yomwe sanaimve. Asangoti pepani, chifukwa wofunsayo amabwereza liwiro lomwe lija. Anene mbali yomwe wamva, n'kufunsa yotsalayo: ndamva kuti mukufunsa za makalabu, kodi mukufuna chiwerengero kapena malo? Kachiwiri zikakanikabe, apemphe kuti funsolo lilembedwe mu Chat. Pamagulu otere pempho limeneli ndi la masiku onse, ndipo mwina ena atatu nawonso sanamve koma angokhala chete.

Pa masiku otsalawa, mujambuleni pa Zoom pomwepo osati pa foni, kuti mumve mawu monga adzafikire kwa anzake. Kenako mupatse munthu wosadziwa ntchitoyi amvetsere kamodzi kokha, osaona nkhope, alembe dzina, ntchito ndi nambala. Chomwe walakwitsa wolembayo ndicho chiganizo choti chikonzedwe. Lachiwirilo alowe mphindi khumi msonkhano usanayambe, ndi pepala lina loti azilembapo dzina la aliyense monga likumvekera, m'kalembedwe ka Chichewa, pambali pake dziko ndi ntchito.

Alangizi