Lipoti la msonkhano wa kasakidwe ka mawu: kudula mawu kapena kutsata dikishonale

Apampando ndi mamembala nonse,

Munandituma kumsonkhano uja kuti ndikamve chifukwa chake makina athu osakira zolemba amabisa nkhani zomwe tikudziwa kuti zilimo. Zokambirana zinali zambiri, koma ndifotokoza gawo limodzi lomwe likutikhudza: kusiyana kwa sitemingi ndi lematizeshoni.

Sitemingi ndi kudula mbali za mawu potsata malamulo, osafunsa tanthauzo. Njira yotchuka ndi ya a Martin Porter ya mu 1980, yomwe inapangidwira Chingelezi, ndipo imangodula kumapeto kwa mawu. M'Chichewa ndi zinenero zina za Chibantu monga Chiswahili ndi Chizulu, kusintha kwakukulu kumachitika kumayambiriro. Choncho makina akaona "mudzi" ndi "midzi" amayesa mawu awiri osadziwana, ndipo wosaka "mudzi" sapeza nkhani imene yalemba "midzi" yokha.

Ambiri pamsonkhanopo anati tingotembenuza njirayo, tizidula kutsogolo. Titayesa pabolodi zinavuta. Mukachotsa mu-, mi- ndi ma-, mawu akuti "mudzi" ndi "midzi" amatsala "dzi", zomwe n'zabwino. Koma "madzi" nawonso amatsala "dzi". Munthu wofuna nkhani za mafumu ndi midzi yawo amalandira nkhani za zitsime ndi mijigo. Kumbali ina, pali mawu amene kudula sikungawakumanitse konse. "Maluwa" amatsala "luwa" pomwe limodzi ndi "duwa". "Mapiri" amatsala "piri" pomwe limodzi ndi "phiri". "Mano" ndi "dzino" ndiye satheka n'komwe. Motero lamulo limodzi lomwelo likuphatikiza zosayenera kuphatikiza, n'kulephera kuphatikiza zoyenera.

Lematizeshoni imabweza liwu lililonse ku mtundu wake umene umalembedwa m'dikishonale. Imadziwa kuti "maluwa" ndi "duwa", ndipo "madzi" imawasiya momwe alili chifukwa ndi liwu palokha. Apa ndi pomwe ine ndinakhutira nayo. Koma ili ndi mtengo wake: pamafunika mndandanda wa mawu wokonzedwa ndi anthu odziwa chinenero, ndipo liwu limene mulibe mumndandandamo, monga dzina la munthu kapena liwu lobwereka latsopano, imalisiya osaligwira.

Pamsonkhanopo anationetsa momwe izi zimalembedwera mu Hunspell, pulogalamu younika kalembedwe ka mawu, yomwe pulogalamu yosakira zolemba yotchedwa Elasticsearch imatha kugwiritsa ntchito. M'fayilo ya malamulo mumalemba:

```
PFX A Y 1
PFX A mu mi mu
```

Kenako mumndandanda wa mawu mumalemba `mudzi/A` ndi `munda/A`. Lamulolo likuti chotsa mu- uikepo mi-, koma pa mawu okhawo amene apatsidwa chizindikiro A. Poti "madzi" alibe chizindikirocho, sakhudzidwa.

Pa maina izi zikuyenda bwino. Mutu umawawa pa aneni. Taonani "sitinawaphikire": pali si- wokana, ti- wa ochita, na- wa nthawi, wa- wa ochitiridwa, kenako tsinde phik-. Aphatikiri anayi kutsogolo kwa tsinde limodzi. Hunspell mwachizolowezi imachotsa mphatikiri mmodzi yekha wakutsogolo, ndipo mukayatsa `COMPLEXPREFIXES` imafika awiri basi. Ena amazemba vutoli polemba "sitinawa" yense ngati mphatikiri mmodzi, koma mukawerengera anthu onse, magulu onse a maina ndi nthawi zonse, malamulo amachuluka mwakuti kuwasamala kumakhala ntchito payokha. Aneni a tsinde lalifupi monga kudya, kumwa, kufa ndi kuba ndiwo oopsa kwambiri kwa wodula mwachisawawa, chifukwa chotsala chimakhala chilembo chimodzi kapena ziwiri zomwe zimapezeka paliponse.

Ndinenenso, kuopa tingayembekeze zambiri, kuti ngakhale lematizeshoni siisiyanitsa "mtengo" wa m'nkhalango ndi "mtengo" wa katundu. Kalembedwe n'kamodzi, ndipo pamafunika kuona chiganizo chonse.

Kuti tidziwe pomwe makina athu akudwala, sipafunika katswiri. Tisake "duwa", tione ngati nkhani za maluwa zikubwera; zikapanda kubwera ndiye kuti akuphatikiza mopereweza. Tisake "midzi", tione ngati za madzi zikulowerera. Zikalowerera ndiye kuti akudula mopyola. Amene amayang'anira seva angagwiritse chida cha Elasticsearch chotchedwa `_analyze` kuti aone zidutswa zenizeni zomwe liwu likusanduka. Anatichenjeza kuti malamulo ogwiritsa posunga zolemba akhale omwewo ogwiritsa posaka, ndipo tikawasintha tiyenera kulowetsanso zolemba zonse mu indekisi, momwe makina amasungira mawu oti asakidwe, apo ayi kusinthako kudzangokhudza zatsopano.

Pempho langa ku komiti ndi lakuti tisathamangire kudula aphatikiri. Tiyambe ndi maina okha: titenge mawu amene anthu amasaka kawirikawiri, tiwalembere pamanja mtundu wa chimodzi ndi wa zambiri, kuphatikizapo osatsata lamulo monga diso ndi maso, khasu ndi makasu. Liwu loyambirira tizilisungabe pambali pa lobwezedwalo, kuti wosaka "midzi" aziyamba kuona nkhani zolemba "midzi" ndendende. Za aneni tidzakambirane pamkumano wotsatira, tikapeza anthu awiri odziwa galamala amene angadzipereke kuunika mndandandawo.

Ine nthumwi yanu.