Lipoti la msonkhano wa kuzoni: mpira wa mayina sabata yotsegulira

Aphunzitsi anzanga, kumsonkhano umene munanditumako kunali nkhani zitatu. Za kalembera ndi za masikimu n'zomwe mukuzidziwa kale, mapepala ake ali kwa ahedi. Imene inapindulitsa ulendowu ndi ya masewera othandiza ana atsopano kudziwana mayina, makamaka mpira wa mayina.

Pamafunika mpira wachikulunga wa majumbo, wosamanga kwambiri kuti ukhale wofewa. Ana amaima mozungulira, 12 pagulu. Lolemba ndi Lachiwiri, wogwira mpira amatchula dzina lake, onse n'kulibwereza mokweza, kenako amapatsira woyandikana naye. Kuyambira Lachitatu, amayamba waitana dzina la mnzake asanamuponyere. A Sitandade 1 azikunkhuniza mpirawo pansi atakhala, chifukwa mwana akamenyedwa nawo kumaso sabata yoyamba, mawa lake amakana kubwera.

Chifukwa cha magulu aang'ono n'chakuti mwana mmodzi amatenga masekondi pafupifupi 10. Pagulu la 12 mpira umazungulira m'mphindi ziwiri, koma ana 120 m'bwalo limodzi ndi mphindi 20, ndipo wodikira amayamba kutsina anzake. Kalasi ngati yathu ikufuna magulu 10, mipira 10, ndi ana 10 a Sitandade 7 otsogolera. Ndikudziwa ena mukana kuwatulutsa m'kalasi, koma kodi sabata yoyamba amaphunzira chiyani kupatula kusesa?

Masewerawa amasokonekera pawiri. Mpira umatha kumangoyenda pakati pa ana a mudzi umodzi, ndipo mudzaona mwana wina manja ali lende mpaka kumaliza. Mankhwala ake ndi kusakaniza midzi pogawa magulu, komanso lamulo lakuti wolandira mpira apinde manja mpaka onse atalandira. Vuto lina ndi mayina. A Chisomo akakhala atatu, agaweni m'magulu osiyana. Mwana amene sakuyankha dzina la m'kaundula musamukalipire, kawirikawiri kwawo amamuitana lina. Mufunseni, mulembe onse awiri. Mayina onyozana, otchula chilema kapena maonekedwe, aletsedwe tsiku loyamba lomwelo.

Lachisanu, patulani ana angapo pagulu lililonse, aliyense atchule anzake asanu osakhala a kwawo. Ambiri akalephera, gululo lisaphwasulidwe, lipitirize sabata yachiwiri.

Msonkhano unagwirizana kuti masewerawa azichitika kwa mphindi 15 asembule ikangotha. Ine sindinagwirizane nazo. Ana athu a kutsidya amafika mochedwa, ndipo ndi iwowo amene alibe anzawo pano. Ndikupempha kuti ife tizichita phala likatha.

Zonsezi zikufuna kuti mndandanda wa ana ndi midzi yawo ukhalepo Lolemba m'mawa, osati ngati chaka chatha pamene kaundula anafika sabata yachitatu, mlandu n'kugwera aphunzitsi a makalasi aang'ono. Za alawansi, popeza zayamba kale kunong'onedwa, inathera pa kabaza ndi nkhomaliro, ndipo ndalembera asungichuma. Tisankhe lero woyang'anira kumanga mipira.