Lipoti la msonkhano wa kalengezedwe ka maphunziro a zophikaphika ndi sitandi ya pachionetsero

A wapampando, a mlembi, a msungichuma ndi mamembala nonse, munandituma ku msonkhano wa anthu a mabizinezi ang'onoang'ono wokambirana za kutsatsa malonda, ndipo nali lipoti langa. Za kujambula zithunzi ndi kukongoletsa sitandi ndazisiya, poti tili nawo kale anthu ozidziwa pagulu pano. Ndakhazikika pa nkhani imene inatenga nthawi yaitali ndiponso imene ikutikhudza kwambiri: tingafulumizitse bwanji anthu kuti alembetse popanda kuwanamiza, ndiponso tsiku ndi malo tizilembe bwanji kuti munthu asasochere.

Mayi amene ankatsogolera gawoli anayamba ndi kutifunsa kuti mawu oti "malo atsala ochepa" timawatenga kuti. Ambiri tinaseka, chifukwa tikudziwa kuti kawirikawiri amangochokera m'mutu. Iwo anati changu chenicheni chimawerengedwa kukhitchini, ndipo anatenga choko n'kupanga chitsanzo pabolodi, pogwiritsa ntchito kalendala ya mwezi wa Malichi 2026.

Tiyerekeze kuti khitchini yobwereka ili ndi masitovu 6, ndipo pa sitovu iliyonse pangaime anthu awiri osapondana. Ndiye kuti malo alipo 12. Munthu wa nambala 13 akalandiridwa, adzalipira ndalama yofanana ndi anzake koma tsiku lonse adzathera kusuzumira pamapewa pawo. Nambala 12 imeneyi ndi imene ikalembedwe mu uthenga, pamodzi ndi chifukwa chake, pakuti munthu akamva kuti masitovu ndi 6 amadziwerengera yekha, ndipo amaona kuti sakuopsezedwa chabe.

Kenako tsiku lotseka kulembetsa. Limenelinso silisankhidwa mwachisawawa, limawerengedwa chobwerera m'mbuyo. Maphunziro akakhala Loweruka pa 14 Malichi, zophikira ziyenera kugulidwa Lachinayi pa 12 Malichi kuti Lachisanu likhale loyeza ndi kugawa za pa sitovu iliyonse. Wogula sanganyamuke asanadziwe kuti akugulira anthu angati. Choncho kulembetsa kutseke Lachitatu pa 11 Malichi, 5 koloko madzulo. Tsiku lotere limatetezeka lokha: wina akapempha Lachisanu kuti mumuikemo, yankho ndi lakuti zophikira zake sizinagulidwe, ndipo palibe angakunenezeni kuti mwamukondera mnzake.

Uthenga umene tinaulemba pamodzi pabolodi unali wotere: "Maphunziro a zophikaphika, Loweruka pa 14 Malichi 2026, kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 1 koloko masana. Malo alipo 12 okha chifukwa masitovu ndi 6. Kulembetsa kutseka Lachitatu pa 11 Malichi, 5 koloko madzulo, kapena malo akangodzaza." Pansi pake pankabwera dzina la nyumba, msewu, khomo lolowera ndi nambala ya foni imodzi. Mulibe mawu oti "fulumirani" ngakhale amodzi, koma aliyense amene anauwerenga anavomereza kuti ukufulumizitsa ndithu.

Apa panabuka mtsutso. Bambo wina, amene wakhala akuchititsa maphunziro otere kwa nthawi yaitali, ananena mosabisa kuti iye amalemba kuti malo atsala atatu ngakhale pamene palibe amene walembetsa, ndipo anthu amathamangadi. Palibe amene anamutsutsa kuti njirayo siigwira ntchito koyamba. Koma mayi wina anamukumbutsa kuti anthu amene anathamangawo amadzafika m'khitchini n'kuwerenga mitu, ndipo akapeza anthu asanu pamalo a anthu 12 amadziwa kuti anapusitsidwa. Ulendo wotsatira malo akadzatsaladi atatu, iwowo amadzangoti ndi zija zija. Ine ndinagwirizana ndi mayiwo, ndipo ndikuonjezera kuti kuzengereza tsiku lotseka n'chimodzimodzi. Mukalengeza kuti mutseka Lachitatu kenako n'kulemba kuti mwaonjezera masiku chifukwa cha pempho la anthu ambiri, mwawaphunzitsa nokha kuti Lachitatu lanu si Lachitatu.

Nanga nambala ya malo otsala iziwerengedwa bwanji? Otsogolera gawoli anatilangiza kuti m'kaundula muzilowa okhawo amene alipira, kaya yonse kaya chikole chimene gulu lagwirizana. Amene anangoti "mundisungire malo" akhale patsamba lina. Ngati alipira 8, otsala ndi 4, ngakhale olonjeza atakhala 10. Ndipo nambalayo iziyenda ndi nthawi yake, mwachitsanzo: "Pofika Lachiwiri pa 10 Malichi, 6 koloko madzulo, malo otsala anali 4." Malo akadzaza, zilengezedwe nthawi yomweyo kuti adzaza, ndipo amene akufunabe alembedwe pamndandanda wodikira, kuti wina akasiya ayimbiridwe motsatana.

Chifukwa choikira nthawi pa nambala chikutifikitsa pa mfundo imene ndinaiona kuti ndi yofunika kuposa zonse. Uthenga wa pa foni sukhala pamene mwauika. Mwaulemba Lachiwiri, wina autumiza kwa mnzake Lachitatu, mnzakeyo auponya pagulu lina Lachisanu. Ngati munalemba kuti "titseka mawa" kapena "Loweruka likubwerali", aliyense amawerenga mawa lake. Wowerenga Lachisanu amatumiza ndalama poganiza kuti nthawi ikadalipo, pomwe kulembetsa kunatseka dzana. Choncho mawu ngati lero, mawa, mkuja ndi sabata ino asamaime okha. Akafunika, atsatane ndi tsiku lolembedwa lathunthu. Malo okhawo amene "lero" angaikidwe mosadetsa nkhawa kwambiri ndi pa Status ya WhatsApp, poti imafufutika yokha pakatha maola 24, komabe munthu akhoza kuijambula n'kuitumiza, ndiye ngakhale pamenepo tsiku lilembedwe.

Tsikulo lilembedwe lathunthu: dzina la tsiku, deti, mwezi m'mawu, ndi chaka. Mwezi ukalembedwa m'manambala, monga 03/04, wina amawerenga 3 Epulo pamene wina amawerenga 4 Malichi, popeza mayiko ena amayamba ndi mwezi ndipo mafoni ena amatsata kalembedwe kameneko. Chaka nachonso chisasiyidwe, chifukwa zithunzi zakale zimatha kuukanso m'magulu patapita miyezi yambiri.

Dzina la tsiku ndi deti zimalonderana: chimodzi chikalakwika, chinacho chimaulula. Apa otsogolera anationetsa mmene ambiri amagwera. Munthu amatenga chithunzi chotsatsira cha chaka chatha n'kungosintha chaka. Mu 2025, pa 15 Malichi linali Loweruka. Mu 2026, pa 15 Malichi ndi Lamlungu, chifukwa chaka cha masiku 365 chili ndi masabata 52 ndi tsiku limodzi lapadera, kotero deti iliyonse imasunthira kutsogolo ndi tsiku limodzi, ndipo ikadutsa 29 Febuluwale imasuntha ndi masiku awiri. Chithunzi chikatuluka cholembedwa kuti "Loweruka pa 15 Malichi 2026", ena adzabwera Loweruka, ena Lamlungu, ndipo onse adzakhala ndi umboni m'manja. Chizindikiro choti izi zachitika ndi mafoni ofunsa kuti "kodi ndi Loweruka kapena pa 15?" Anthu awiri akafunsa funso lofanana, musatope nawo, bwererani mukawerenge uthenga wanu.

Njira yopewera ndi yosavuta. Uthenga usanatuluke, munthu wina amene sanaulembe autenge, atsegule kalendala, aloze ndi chala detiyo n'kutchula mokweza dzina la tsiku. Wolemba sangadziyese yekha, maso ake amaona zimene ankafuna kulemba.

Za sitandi ya pachionetsero cha zamalonda sitinakhalitsepo, koma pali misampha iwiri. Woyamba ndi wa masiku. Kalata ya okonza chionetsero imatchula masiku omanga masitandi, masiku otsegulira anthu onse, ndipo zionetsero zina zimakhala ndi masiku a amalonda okhaokha. Ife oonetsa timasunga m'mutu tsiku loyamba kufika pamalopo, ndipo n'kosavuta kulilengeza ngati lotsegulira, kasitomala n'kukabwezedwa pachipata. Tsiku lomaliza nalonso nthawi zina limatseka msanga kuti anthu apasule, ndiye ola lotsekera la tsiku limenelo litengedwe m'kalata, osati kuyerekeza ndi masiku enawo. Ngati pachipata pamalipiridwa, uthenga unene. Msampha wachiwiri ndi wa malo. Kungotchula bwalo la chionetsero sikokwanira, chifukwa mkatimo mumakhala maholo angapo ndi masitandi ambirimbiri. Pafunika dzina kapena nambala ya holo, nambala ya sitandi ndi chipata choyandikira. Koma nambala ya sitandi isasindikizidwe okonza asanaitsimikize polemba, poti mapu a masitandi amatha kusintha. Kufikira atatero, uthenga uzinena masiku ndi bwalo, n'kutchula tsiku limene nambala idzalengezedwe.

Kwa sitandi, changu chenicheni chilipo kale: chionetsero chimatha tsiku lodziwika, ndipo katundu amene tanyamula ndi wowerengeka. Mtengo wotsitsidwa ukanenedwa kuti ndi wa pachionetsero pokha, uzitheradi pomwepo.

Chomaliza chimene tinakambirana ndi zochita zinthu zikasintha, monga eni khitchini akatisamutsira chipinda china. Pa WhatsApp uthenga ungakonzedwe m'mphindi 15 zokha chiutumizireni, ndipo makope amene anatumizidwa kale kwa ena sasintha ayi. Chithunzi ndiye sichikonzeka n'komwe. Choncho pamafunika uthenga watsopano woyamba ndi mawu oti "Kusintha kwa malo", wotchula malo akale ndi atsopano onse, ndi tsiku limene kusinthako kwalengezedwa. Uponyedwe paliponse pamene wakale unaponyedwa, zimene zikutanthauza kuti wina azilemba m'buku magulu ndi masamba onse amene tatumizako. Amene analipira ayimbiridwe mmodzimmodzi, osadalira kuti aona pagulu. Patsikulo, pakhomo lakale pamatidwe pepala lolozera kumalo atsopano, ndipo ngati n'kotheka paime munthu kwa ola loyamba.

A wapampando, ndikupempha kuti pamsonkhano wathu wotsatira tigamule zinthu zitatu. Tisankhe munthu mmodzi wotulutsa mauthenga ndi wina wowayesa pakalendala. Tigwirizane ngati chikole chizikwanira kusungitsa malo kapena tizifuna ndalama yonse, chifukwa a msungichuma sangapereke nambala ya malo otsala izi zisanadziwike. Ndipo a mlembi alembere eni khitchini atiuze polemba kuti masitovu ogwira ntchito alipo angati, tisanatchule nambala ya malo kwa wina aliyense.